Mapempho 135 kusanduka limodzi: mmene opanga magemu a pafoni amathetsera kudodoma

Gemu ya pafoni ikayamba kudodoma, foniyo n'kumatentha m'manja, anthu ambiri amathamangira kunena kuti zithunzi zake zalemera kwambiri kapena foniyo ndi yofooka. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri, makamaka m'magemu okhala ndi tizithunzi tambirimbiri ting'onoting'ono, vuto silikhala pa kuchuluka kwa zojambulidwa ayi. Limakhala pa kuchuluka kwa maulendo amene mbali imodzi ya foni imapita kukapempha mbali inzake kuti ijambule. Zinthu zomwezo, zooneka chimodzimodzi pa sikirini, zitha kupemphedwa maulendo 135 kapena ulendo umodzi wokha, ndipo kusiyana kwake kumamveka m'manja mwa wosewera.

Antchito awiri m'foni imodzi

M'foni iliyonse muli antchito awiri amene amagawana ntchito yoyendetsa gemu. Woyamba ndi purosesa, yomwe imawerengera malamulo a masewero, kumva pamene chala chakhudza, ndi kudziwa pamene chinthu chilichonse chili. Wachiwiri ndi kachipangizo kojambula, komwe pa mndandanda wa zida za foni kamalembedwa kuti GPU. M'mafoni a Android mumapezeka kwambiri mitundu itatu: Mali ya kampani ya Arm, Adreno ya Qualcomm, ndi PowerVR ya Imagination. GPU siganiza zoti ijambule. Imadikira kuti purosesa iiuze.

Kuyenda kumene timaona pa sikirini ndi zithunzi zoima zosinthana mofulumira, ndipo chilichonse mwa izo chimatchedwa felemu. Gemu yofuna mafelemu 60 pa sekondi ili ndi mamilisekondi 16.7 okha kuti imalize felemu imodzi. Yokhutira ndi mafelemu 30 ili ndi mamilisekondi 33.3. Ntchito ikapitirira nthawi imeneyi, sikirini imaonetsanso felemu yakale, ndipo diso limaona kudodoma.

Mkati mwa nthawi yochepayi, purosesa imatumiza kwa GPU malangizo onena kuti, tenga chithunzi chakuti, uchimate pa malo akuti. Langizo limodzi lotere ndilo pempho lojambula. Pa zida zoyezera za opanga magemu limaoneka ndi dzina loti `Draw Calls`, ndipo mu OpenGL ES, imodzi mwa njira zimene mapulogalamu amalankhulira ndi GPU, limalembedwa kuti `glDrawElements` kapena `glDrawArrays`.

Chimene chimadya nthawi

Pempho lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo woulipira kwambiri ndi purosesa. Lisanafike kwa GPU limadutsa m'pulogalamu yapakati yotchedwa dalaivala, imene imafufuza ngati zonse zili m'malo, n'kumasulira langizolo m'chilankhulo cha kachipangizo komwe kali m'foniyo. Ntchito imeneyi sisintha kwenikweni kaya pempho lanyamula kachithunzi kamodzi kapena tizithunzi 500. Mtengo umakwera kwambiri pamene pempho latsopano likufuna zosiyana ndi lapitalo, monga chithunzi china, kapena sheda ina, yomwe ndi kapulogalamu kouza GPU mmene ipakire mtundu pa kadontho kalikonse ka pa sikirini.

Zili ngati ku chigayo. Makina amagaya thumba lonse m'kanthawi kochepa, koma ngati aliyense wobwera ndi kalichero kake akufuna sefa yosiyana ndi ya mnzake, wogayitsa azingozimitsa, kumasula sefa, kumanga ina, n'kuyatsanso. Dzuwa lilowa makina atagwira ntchito mphindi zochepa chabe, pamene wogayitsayo watheratu mphamvu. Akawaika pamodzi onse ofuna sefa imodzi, mzere wonse utha lisanapendeke dzuwa. M'foni, makinawo ndi GPU, ndipo wogayitsa ndi purosesa.

Vutoli linadziwika kale. M'chaka cha 2003, Matthias Wloka wa kampani ya NVIDIA anaonetsa pa msonkhano wa opanga magemu wa GDC kuti purosesa ya pakompyuta ya 1 GHz, itasiya ntchito ina iliyonse, inkatha kutumiza mapempho pafupifupi 25,000 pa sekondi. Tikagawa chiwerengerochi ndi mafelemu 60, tipeza mapempho ongopitirira pang'ono 400 pa felemu, popanda nthawi yotsala yoyendetsera masewero enieniwo. Zida zasintha kuchokera nthawiyo. Metal, yomwe Apple inatulutsa mu 2014, ndi Vulkan, yomwe inatuluka mu 2016, zinatsitsa kwambiri mtengo wa pempho limodzi. Komabe mtengowo sunatheretu, ndipo pa mafoni otsika mtengo, omwe ndiwo ali m'matumba a anthu ambiri kuno kwathu, purosesa imakhala yochepa mphamvu. Ikapanikizika nthawi yaitali imatentha, ndipo foni imaichepetsa liwiro dala pofuna kuiteteza. N'chifukwa chake gemu ina imayamba bwinobwino, kenaka pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kudodoma.

Bawo wa pafoni: tiwerenge mapempho

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyeni titenge gemu imene aliyense angaione m'maganizo: bawo wa pafoni. Thabwa lake lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi maenje 32, ndi timiyala 64. Tiyerekeze kuti wopanga gemu wagwiritsa ntchito libGDX, chida chaulere cholembera magemu m'chilankhulo cha Java. Wakonza chithunzi chimodzi cha thabwa, chimodzi cha dzenje, ndi zithunzi 4 za timiyala tosiyana mtundu pang'ono kuti thabwa lioneke lachilengedwe. Pambali pa dzenje lililonse pali nambala yosonyeza kuchuluka kwa timiyala, ndipo pansi pali mabatani 3, lililonse ndi chithunzi chake ndi mawu ake. Chithunzi chilichonse chili m'failo yakeyake, ndipo zilembo ndi manambala zili pa chithunzi chinanso.

Njira imene imabwera yokha m'mutu ndi kuyenda dzenje ndi dzenje:

```java
batch.begin();
batch.draw(thabwa, 0, 0);
for (Dzenje d : maenje) {
    batch.draw(dzenje, d.x, d.y);
    for (Kamwala k : d.timiyala)
        batch.draw(k.chithunzi, k.x, k.y);
    font.draw(batch, d.nambala, d.x, d.y);
}
batch.end();
```

`batch` ameneyu ndi `SpriteBatch`, ndipo ntchito yake ndi kumanga mitolo. Akauzidwa kuti ajambule, satumiza pempho nthawi yomweyo. Amalemba makona 4 a kachithunziko pa mndandanda, n'kudikira chotsatira. Malinga zotsatirazo zikuchokera pa chithunzi chomwecho, mndandanda umangokula. Koma pakangobwera chithunzi china, amatumiza zonse zimene wasonkhanitsa ngati pempho limodzi, n'kuyamba mtolo watsopano.

Tsopano tiwerenge, poyerekeza kuti dzenje lililonse lili ndi timiyala 2 tosiyana mtundu. Thabwa ndi pempho limodzi. Pa dzenje lililonse chithunzi chimasintha kanayi: dzenje, kamwala koyamba, kamwala kachiwiri, nambala. Maenje 32 kuchulukitsa ndi 4 ndi mapempho 128. Mabatani 3, lililonse chithunzi ndi mawu, ndi mapempho 6. Onse pamodzi ndi 135, ndipo lililonse lanyamula kanthu kakang'ono kwambiri. Womanga mitolo alipo, koma sakupatsidwa mpata womanga mtolo wa zinthu ngakhale ziwiri. Chiwerengerochi sichofuna kulotera: libGDX imachisunga mu `batch.renderCalls`, ndipo wopanga gemu atha kuchisindikiza pakona ya sikirini.

Mapempho 135 paokha sangagwetse foni yamphamvu. Koma uyu ndi bawo wongokhala, wopanda chilichonse choyenda. Onjezani mthunzi pansi pa kamwala kalikonse, kuwala kosonyeza dzenje losankhidwa, ndi tinyenyezi towaza wina akadya timiyala ta mnzake, ndiye kuti chiwerengero chalowa m'mazana angapo. Gemu yokhala ndi mudzi wonse wa nyumba, mitengo ndi anthu, yolembedwa mwa njira yomweyi, imafika m'zikwi.

Mankhwala oyamba: kusintha ndondomeko

Chinthu choyamba kuchita sichifuna chida chatsopano kapena kujambulanso chilichonse. Ndi kungosintha ndondomeko ya zojambulidwa, kuti zofanana zitsatane. M'malo moyenda dzenje ndi dzenje, tiyende mtundu ndi mtundu. Thabwa liyambe, pempho limodzi. Kenaka maenje onse 32 motsatizana, ndipo popeza onse akuchokera pa chithunzi chimodzi, ndi pempho limodzi. Timiyala tonse 64 tisanjidwe potsata mtundu, mapempho 4. Zithunzi za mabatani, mapempho 3. Pomaliza manambala onse ndi mawu onse a pa mabatani, omwe akuchokera pa chithunzi chimodzi cha zilembo, pempho limodzi. Tachoka pa 135 kufika pa 10, ndipo wosewera saona kusiyana kulikonse pa sikirini.

Koma njirayi ili ndi malire ake, ndipo malirewo amachokera ku mmene zithunzi zoonekera mkati zimajambulidwira. Chithunzi cha kamwala ndi cha makona 4, koma kamwalako ndi kozungulira, choncho m'mphepete mwake ndi moonekera kuti zakumbuyo zioneke. Zithunzi zotere ziyenera kujambulidwa kuyambira chakumbuyo kwambiri kubwera kutsogolo, chifukwa chojambulidwa pomaliza ndicho chimakhala pamwamba. Pa bawo tinachita mwayi: maenje onse ali pansi pa timiyala tonse, ndipo palibe amene angadandaule kuti kamwala kofiira kakhala pamwamba pa koyera. Koma taganizirani gemu imene munthu akuyenda pakati pa mitengo, wina uli kumbuyo kwake, wina kutsogolo. Ndondomeko yake ndi mtengo, munthu, mtengo, ndipo singasinthidwe popanda munthuyo kuoneka ngati wakwera pamwamba pa mtengo umene uyenera kumubisa. Pamenepa kusanja sikuthandizanso. Pafunika kuti mtengo ndi munthu achokere pa chithunzi chimodzi.

Mankhwala achiwiri: atilasi

Atilasi ndi chithunzi chimodzi chachikulu chimene tizithunzi tambiri tayalidwa mbali ndi mbali, pamodzi ndi kafailo konena pamene kalikonse kali. GPU imaloza malo pa chithunzi ndi manambala awiri ochokera pa 0 kufika pa 1, imodzi yopingasa, ina yotsika. Chithunzi chikakhala chokha, chimatengedwa chonse, kuyambira 0 mpaka 1 mbali zonse. Chikalowa mu atilasi, chimatengedwa ngati chigawo. Mwachitsanzo, pa atilasi ya mapikiselo 1024 m'litali ndi 1024 m'lifupi, dzenje la mapikiselo 128 mbali zonse loikidwa pamzere wapamwamba, mapikiselo 256 kuchokera kumanzere, limapezeka kuyambira 0.25 mpaka 0.375 chopingasa, ndi 0 mpaka 0.125 chotsika. Manambala amenewa amayenda limodzi ndi makona a kachithunzi kalikonse mkati mwa mtolo, choncho kusintha kuchoka pa dzenje kupita pa kamwala sikulinso kusintha chithunzi. Ndi kungoloza malo ena pa chithunzi chomwecho.

Palibe amene amayala tizithunzi timeneti ndi manja masiku ano. libGDX ili ndi chida chotchedwa `TexturePacker` chimene chimatenga foda yonse n'kutulutsa atilasi ndi kafailo kake. Unity ili ndi `Sprite Atlas`. Khodi imasintha pang'ono chabe:

```java
TextureAtlas atlas = new TextureAtlas("bawo.atlas");
TextureRegion dzenje = atlas.findRegion("dzenje");
```

`findRegion` imafufuza dzina pa mndandanda wonse, choncho iyenera kuitanidwa kamodzi gemu ikamayamba, zotsatira zake n'kusungidwa, osati kuitanidwa pa felemu iliyonse.

Thabwa, dzenje, timiyala ndi mabatani zikalowa mu atilasi imodzi, zonsezo zimakhala pempho limodzi, ndipo zilembo zimakhala lachiwiri. Koma apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Ngati wopanga gemu wapanga atilasi koma wasiya ndondomeko yakale ija yoyenda dzenje ndi dzenje, chithunzi chizisinthabe kawiri pa dzenje lililonse, kuchoka pa atilasi kupita pa zilembo ndi kubwerera. Maenje 32 apereka mapempho 64, mabatani 6, onse pamodzi 70. Atilasi yagwira ntchito yake, koma zilembo zikudula mtolo uliwonse pakati. Njira zothetsera ndi ziwiri: kujambula mawu onse pomaliza, kapena kulowetsa chithunzi cha zilembo mu atilasi yomweyo, zomwe libGDX imalola. Akachita yachiwiriyi, sikirini yonse ya bawo imatuluka ndi pempho limodzi, ndipo ndondomeko ingakhale iliyonse. `SpriteBatch` imanyamula tizithunzi 1,000 pa mtolo ngati sinauzidwe zina, ndipo bawo wathu sakufika ngakhale pa 200.

Njira imeneyi ndi imene inanyamula gemu yotchuka ya Minecraft. Kwa zaka zingapo, maonekedwe a dothi, miyala, matabwa ndi zina zotero anali pa failo imodzi yotchedwa `terrain.png`, ya mapikiselo 256 mbali zonse, yogawidwa m'tizigawo ta mapikiselo 16. Mu 2013 opanga ake anagawa failoyo kuti chinthu chilichonse chikhale ndi failo yakeyake, koma gemuyo imazilumikizanso kukhala atilasi ikamayamba. Ojambula anapeza ufulu wogwira chithunzi chimodzichimodzi, pamene GPU inapitiriza kulandira chithunzi chimodzi chachikulu.

Mtengo wa atilasi

Atilasi imachotsa ntchito pa purosesa, koma imalipiritsa kwina, ndipo koyamba ndi ku memole. Kukula kwa failo ya PNG kumanamiza, chifukwa ikatsegulidwa pikiselo iliyonse imatenga mabaiti 4. Atilasi ya 1024 mbali zonse imatenga mamegabaiti 4, ya 2048 imatenga 16, ndipo ya 4096 imatenga 64, kaya ndi yodzaza kapena theka lake lili mbee. Ikakhala ndi timakope take tating'ono togwiritsa ntchito zinthu zikakhala patali, imaonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Komanso atilasi imalowa m'memole yonse yathunthu. Kachithunzi kamodzi kakafunika, tinzake tonse timabwera nako.

Apa ndi pamene pali luso lenileni: zimene zimaoneka nthawi imodzi zikhale mu atilasi imodzi. Zithunzi za sikirini yoyamba zikhale pazokha, za pabwalo la masewero pazokha, ndipo zochepa zofunika paliponse, monga mabatani, zikhale ndi atilasi yawo yaing'ono. Kusanja potsata mtundu wa chinthu, monga nyama zonse za gemu yonse pamodzi ndi mitengo yonse pamodzi, kumaoneka kwadongosolo m'foda, koma pa sikirini kumabweretsanso kusinthasintha kuja, uku kukudzaza memole ndi zithunzi za magawo amene wosewera sanafikeko.

Pa kukula, muyeso wotetezeka ndi 2048, chifukwa foni iliyonse yotsatira OpenGL ES 3.0, yomwe inatuluka mu 2012, iyenera kulandira chithunzi cha kukula kumeneko. Mafoni ambiri amalandira zokulirapo, koma lamulo silikakamiza. Zithunzi zikapanda kukwana pa tsamba limodzi, chida choyalira chimatsegula tsamba lachiwiri mwakachetechete, ndipo kwa GPU tsamba lachiwiri ndi chithunzi china. Mapempho akakwera mwadzidzidzi wojambula atangoonjezera zithunzi zatsopano, choyamba kuyang'ana ndi chimenechi. Memole ingachepetsedwenso popanikiza atilasi m'njira imene GPU imawerenga popanda kumasula. Njira ya ETC2, imene OpenGL ES 3.0 imafuna kuti foni iliyonse ikhale nayo, imatsitsa atilasi ya 2048 kuchoka pa mamegabaiti 16 kufika pa 4. Njira ya ASTC imalola kusankha pakati pa kuchepa kwa memole ndi kukongola kwa chithunzi.

Vuto lachiwiri limaoneka ndi maso. Nthawi zina m'mphepete mwa kachithunzi mumatuluka kamzere kakang'ono ka mtundu wachilendo, kamene kamabwera n'kusowa chinthucho chikamayenda. Choyambitsa chake ndi choti GPU, pofuna kusalaza chithunzi chimene chakulitsidwa kapena kuchepetsedwa, imasakaniza mapikiselo oyandikana. Pamalire pa chigawo, woyandikana nayeyo ndi wa chithunzi china. Ngati batani lofiira layalidwa mogundana ndi dzenje, dzenjelo limatenga kufiira pang'ono m'mbali. Mankhwala ake ndi kusiya mpata pakati pa tizithunzi, ndi kubwereza mapikiselo a m'mphepete kuti adzaze mpatawo. Mu `TexturePacker` ya libGDX, mpata umaikidwa ndi `paddingX` ndi `paddingY`, zomwe zimayambira pa 2, ndipo kubwereza kumayatsidwa ndi `duplicatePadding`. Zithunzi zimene zidzachepetsedwa kwambiri pa sikirini zimafuna mpata wokulirapo.

Chachitatu, pali zithunzi zosayenera kulowa mu atilasi. Kachithunzi ka udzu kamene GPU imakabwereza yokha kuti kadzaze bwalo lonse kamadalira kuti nambala ikapitirira 1 ibwerere pa 0. Mu atilasi, kupitirira malire a chigawo kumangolowa m'chithunzi cha woyandikana naye. Chithunzi chachikulu chakumbuyo chodzaza sikirini yonse nachonso nthawi zambiri chimakhala bwino pachokha. Chimadya malo ambiri pa atilasi pofuna kupulumutsa pempho limodzi lokha.

Magemu a zinthu zooneka mbali zonse

M'magemu amene kamera imazungulira zinthu, mfundo ndi yomweyi koma njira zimachuluka. Mu Unity, zinthu zingalowe mu mtolo umodzi ngati zikugawana matiriyo imodzi, kutanthauza sheda imodzi, zithunzi zomwezo ndi miyeso yomweyo. Atilasi ndiyo imathandiza kuti mpando, tebulo ndi chitseko zigawane matiriyo.

Zinthu zosayenda, monga nyumba ndi mipanda, zimasonyezedwa ndi chizindikiro cha `Static`, ndipo injini imazilumikiza pasadakhale. Mtengo wake ndi memole, chifukwa mtengo umodzi wobzalidwa malo 500 umasungidwa maulendo 500. Zinthu zazing'ono zoyenda, injini itha kuzilumikiza pa felemu iliyonse, koma pokhapokha chilichonse chisapitirire nsonga 300, popeza purosesa ndiyo imawerengera malo a nsonga iliyonse, ndipo kupitirira pamenepo ntchito yolumikiza imaposa ntchito imene ikupulumutsidwa. Pa chinthu chimodzi chobwerezedwa kambirimbiri, monga mitengo ya m'nkhalango, njira yabwino ndi `GPU Instancing`: maonekedwe amatumizidwa kamodzi pamodzi ndi mndandanda wa malo, GPU n'kubwereza yokha.

Cholakwika chofala apa ndi kusintha mtundu wa chinthu chimodzi kudzera pa `renderer.material`. Mzere umenewu umapangira chinthucho matiriyo yakeyake, ndipo kuyambira pamenepo sichingamangidwenso mtolo umodzi ndi zinzake. Adani 50 amene aliyense wafiiritsidwa mwa njira imeneyi pamene wamenyedwa amasanduka mitolo 50.

Kudziwa ngati vuto ndi limeneli

Zonsezi zimathandiza pokhapokha ngati wochedwa ndi purosesa. Purosesa ndi GPU zimagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo felemu imadikira amene wachedwa. Ngati purosesa imamaliza m'mamilisekondi 9 pamene GPU imatenga 25, kutsitsa ntchito ya purosesa kufika pa 5 sikusintha liwiro la gemu ngakhale pang'ono.

Pali kuyesa kosavuta. Chepetsani kuchuluka kwa mapikiselo amene gemu ikujambula, mwina kufika theka m'litali ndi m'lifupi, zina zonse zikhale mmene zilili. Mapempho sasintha, koma ntchito yopaka mitundu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Gemu ikathamanga, ndiye kuti wochedwa anali GPU, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi zithunzi zoonekera mkati zosanjikizana, monga utsi ndi kuwala, zimene zimachititsa kuti pikiselo imodzi ipakidwe kambirimbiri. Ikapanda kusintha, yang'anani ku purosesa, ndipo fufuzani ngati nthawi ikuthera pa kutumiza mapempho kapena pa malamulo a masewero.

Mu Unity, zenera la `Stats` limaonetsa `Batches`, `Saved by batching` ndi `SetPass calls`. Nambala yomalizayi imawerenga maulendo amene zokonzekera za sheda zasinthidwa, ndipo nthawi zambiri ndiyo yodula kuposa zinzake. `Frame Debugger` imaimitsa felemu imodzi, n'kulola munthu kuyenda pempho ndi pempho, akuona chimene chajambulidwa ndi chifukwa chimene pempholo silinalowe mu mtolo wa lapitalo. Imeneyi ndiyo njira yachidule yopezera chodula mitolo, kaya ndi zilembo zolowerera pakati, tsamba lachiwiri la atilasi, kapena matiriyo yokopedwa mosadziwa.

Kuyeza konseku kuchitike pa foni yeniyeni, osati pa kompyuta imene gemu ikulembedwera, chifukwa kompyuta imameza mapempho zikwi osamva kanthu. Foniyo ikhale yofooka kwambiri mwa amene gemu ikufuna kufikira, ndipo isiyidwe ikusewera kwa nthawi mpaka itenthe. Palibe nambala imodzi ya mapempho yoyenera gemu iliyonse. Muyeso weniweni ndi mamilisekondi a felemu pa foni imeneyo.

Inu amene mukupanga gemu yanu, tsatani ndondomeko iyi. Yambani mwatsimikiza kuti wochedwa ndi purosesa. Kenaka sanjani zojambulidwa kuti zofanana zitsatane, popeza kutero sikudya memole ngakhale baiti imodzi. Mukatero yalani atilasi potsata zimene zimaoneka nthawi imodzi, musapitirire 2048 popanda chifukwa, ndipo musaiwale zilembo. Pa sitepe iliyonse werengani mapempho ndi mamilisekondi musanasinthe ndi mutasintha, ndipo kusintha kumene sikunatsitse nthawi ya felemu pa foni yotsika mtengo musakuwerengere ngati phindu.